Foni yowonongeka ndi mapepala awiri achinsinsi

M'maphunziro a anthu ogulitsa m'mashopu, ngakhalenso m'makalasi a zamalonda ndi a zinenero, muli sewero lina limene silifuna nsanja, zovala kapena oonerera. Anthu awiri amakhala moyang'anizana. Wina ndi kasitomala amene wagula foni ndipo yamufera m'manja pasanathe mwezi, wina ndi manijala wa shopu imene adaguliramo. Aliyense amapatsidwa pepala lake limene mnzake saloledwa kuliona. Palibe mawu oloweza pamtima, ndipo ngakhale mphunzitsi sadziwa mmene nkhaniyo ithere. Chimene akuyenera kuchita m'mphindi 15 ndi kugwirizana chochita ndi foniyo, kapena kusiyana osagwirizana.

Ife tidazolowera masewero a pasukulu ndi a pawailesi, momwe wolemba amadziwiratu amene alire ndi amene aseke kumapeto. Ili ndi losiyana. Njira yopatsa ophunzira mapepala achinsinsi idatchuka kwambiri pa yunivesite ya Harvard ku America, kumene aphunzitsi ngati Howard Raiffa ankagawa ophunzira awiriawiri, kuwapatsa nkhani imodzi koma uthenga wosiyana, kenaka n'kuyerekeza zimene gulu lililonse lagwirizana. Kumenekonso n'kumene kudachokera buku la Roger Fisher ndi William Ury la mu 1981, Getting to Yes, limene mfundo yake yaikulu ndi yakuti chimene munthu akuitanitsa pakamwa nthawi zambiri chimasiyana ndi chimene akusowadi. Sewero la foni limakonzedwa kuti munthu aione mfundo imeneyi ikuchitika pakamwa pake pomwe. Ndiliyala lonse pano, ndi manambala ake, kuti amene akufuna kulichita kushopu kwake, kusukulu kapena kugulu la amayi a bizinesi angolitenga. Manambalawa ndi opangira seweroli basi, ndipo aliyense angawasinthe kuti agwirizane ndi mitengo ya kwawo.

Pamakhala mapepala atatu, ngakhale achinsinsi ali awiri. Loyamba amawerenga onse, ndipo limanena zokhazo zimene anthu awiriwa angazidziwe pamodzi akanakhala m'shopu yeniyeni. Lero ndi Lachitatu. Masiku 19 apitawo mayi wina adagula foni yatsopano pa K280,000. Foniyo ikumazima yokha ndipo batire yake ikumatentha. Mayiyo adabwerapo kale pa tsiku lachisanu ndi chimodzi, koma mnyamata wa pakauntala adawauza kuti akaitchaje usiku wonse, ikhala bwino. Lisiti ali nayo, ndipo m'munsi mwake mudadindidwa mawu akuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Foniyo ili ndi walanti ya miyezi 12 yochokera kwa opanga. Pepalalo limathera pomwepo. Likapitirira theka la tsamba ndiye kuti lanena zambiri.

Pepala la kasitomala limalembedwa ngati mukumuuza yekha pambali. Likhoza kumveka motere:

"Inu mumagulitsa kaunjika wa ana, ndipo makasitomala anu ambiri amasankha zovala poona zithunzi zimene mumawatumizira pa WhatsApp, n'kulipira kudzera pa foni. Tsiku lililonse lopanda foni mumataya phindu la pafupifupi K15,000. Lachisanu lino mukutsegula belo latsopano, choncho pofika Lachinayi madzulo mukufunika foni yojambula bwino. Ndalama zogulira foniyi mudabwereka kubanki m'khonde ndipo simudamalize kubweza. Mwabwera kudzafuna ndalama zanu zonse chifukwa shopuyi simukuikhulupiriranso. Komabe mutapeza foni ina yodalirika lero lomwe, mukhoza kuwonjezera ndalama zosapitirira K20,000. Foni idayamba kuvuta tsiku lachinayi, ndipo tsiku lomwelo mudatumizira mng'ono wanu uthenga wodandaula, umene iye akadali nawo. Pa tsiku la 12 foniyo idagwa kuchoka pampando ndipo idakalika pang'ono pakona. Bokosi lake ana adataya. Mukalephera kugwirizana, mukhoza kukadandaula ku boma ndi kudikira, kapena kupita kwa wokonza mafoni wa mumsika amene wanena K45,000, koma akangoitsegula walanti yatha."

Pepala la manijala nalo lili ndi zake:

"Inu ndi wolembedwa ntchito, shopu si yanu. Muli ndi mphamvu yobweza ndalama zosapitirira K100,000 panokha, zoposa pamenepo mpaka mwini shopu, amene ali pa ulendo ndipo abwera Lolemba. Koma kusintha foni ndi ina iliyonse ya m'shopu mukhoza kuchita lero osafunsa munthu. Foni ya mayiyu shopu idapikula pa K235,000. Mafoni ena atatu a m'katoni yomweyo abwezedwa kale ndi vuto lomweli, ndipo kampani imene mumapikulako yavomera kubweza K235,000 pa foni iliyonse yobwezedwa pasanathe masiku 30 chigulitsireni, bola nambala yake ikhale yomweyo ndipo isakhale kuti idalowa madzi. Bokosi sakulifuna. M'katonimo mwatsala mafoni awiri. Muli ndi mtundu wina wabwinopo, umene mumagulitsa K310,000 ndipo mudapikula pa K262,000. Kutumiza foni kukakonzedwa pa walanti kumatenga masiku 21. Ndalama zikabwezedwa, komishoni yanu ya mwezi uno ichepa. Mnyamata wa pakauntala sadalembe paliponse kuti mayiyu adabwerapo."

Owerenga inu mwaona mapepala onse awiri, mwayi umene osewera alibe. Tsopano tiyeni tiwerengere pamodzi, chifukwa nzeru yonse ya seweroli yabisala m'masamu ochepawa.

Manijala akabweza K280,000 yonse, kampani imubwezera K235,000, ndiye kuti shopu yangotaya phindu lake la K45,000 n'kutsala pamene idayambira, osapindula, osaluza. Koma zimenezi sizingatheke mpaka Lolemba, ndipo belo la mayi likhala litatsegulidwa kale popanda chithunzi n'chimodzi chomwe. Akasankha kutumiza foni kukakonzedwa, njira imene mamanijala ambiri amaithamangira chifukwa imaoneka ngati yosawadyera kanthu, onse awiri apsa. Mayi ataya K15,000 kwa masiku 21, zimene zikukwana K315,000, kuposa mtengo wa foniyo. Shopu nayo, masiku 19 kuphatikiza 21 ndi 40, ndiye kuti mwayi wobwezera foni ku kampani pasanathe masiku 30 wadutsa, ndipo ikadzavutanso mtolo wonse udzakhala wa shopu. Akapereka imodzi mwa ziwiri zotsala m'katoni, phindu la K45,000 likhalapobe, koma akhala atapatsa munthu foni imene akudziwa kuti anzake anayi adatentha batire.

Njira yachinayi ndi imene palibe amene amalowa nayo m'chipindamo. Mayi atenge foni ya K310,000 ija. Ngakhale asawonjezere tambala, shopu yalandira K280,000 pa foni imene idapikula K262,000, pamene yowonongeka ija kampani yalipira, ndiye kuti phindu ndi K18,000. Mayi akawonjezera K20,000 yonse imene angathe, phindu la shopu likwera kufika K38,000. Paliponse pakati pa kusawonjezera kanthu ndi kuwonjezera K20,000, manijala ali pabwino kuposa kubweza ndalama, ndipo mayi atuluka ndi foni yogwira ntchito Lachitatu lomwelo. Mpata umenewu wolemba sewero amaukonza dala. Mayi sakudziwa kuti ulipo chifukwa sakudziwa mitengo yopikulira. Manijala sakudziwa kuti ulipo chifukwa akumva munthu akuitanitsa ndalama, ndipo sakudziwa za belo la Lachisanu. Mpatawo umaoneka pokhapokha wina afunse funso, mnzake n'kuyankha zoona.

Nazi njira ziwiri zimene kukambiranaku kumakonda kuyendera. Yoyamba ndi iyi.

"Bwana, foni yanu iyi. Ndibwezereni ndalama zanga."

"Pepani mayi, koma lisiti yanu yomweyo ikunena kuti katundu sabwezedwa. Chimene tingachite n'kuitumiza ikakonzedwe."

"Ine sindidagule foni yoti izikakonzedwa. Ndidagula yatsopano."

"Ndikumvetsa mayi, koma ndi malamulo a shopu. Komanso apa pakonapa pakuoneka kuti idagwa."

"Ndiye mukuti ndaiwononga ndine?"

Zikafika apa, mphindi zotsalazo zimathera pa kukalika kwa pakona. Aliyense wanena chimene akufuna ndi chimene akukana, ndipo palibe amene wafunsa mnzake kanthu kupatula funso laukali lomalizalo. Yachiwiri imayamba chimodzimodzi koma imakhota msanga.

"Bwana, foni yanu iyi. Ndibwezereni ndalama zanga."

"Pepani kwambiri mayi. Khalani pansi kaye. Idayamba liti kuzima?"

"Tsiku lachinayi. Ndidabwera, mnyamata wanu adandibweza."

"Pamenepo tidalakwa ife, amayenera kuilandira tsiku lomwelo. Nanga masiku onsewa mwakhala mukugwiritsa ntchito chiyani?"

"Palibe. Bizinesi yanga yaima, ndipo Lachisanu ndikutsegula belo."

"Ndiye kuti vuto lalikulu ndi Lachisanu. Mayi, ndikuuzeni zoona. Ndalama zonse ndi zanu mukazifuna, koma ine sindingazitulutse mpaka abwana abwere Lolemba. Kusintha ndi foni ina ndiye ndingathe lero."

Funso lakuti mwakhala mukugwiritsa ntchito chiyani ndi limene latsegula zonse. Silikukhudza foni yowonongeka, likukhudza moyo wa munthuyo popanda foni, ndipo yankho lake latulutsa tsiku la Lachisanu. Manijala naye waulula malire a mphamvu zake, chinthu chimene ambiri amachibisa poopa kuoneka ochepa. Koma pochiulula, mayi wasiya kuganiza kuti akukanizidwa mwadala. Onaninso kuti kupepesa kwake kwatchula cholakwa chenicheni, chakuti mnyamata adabweza kasitomala. "Pepani" wa m'kukambirana koyamba uja adali wongotsegulira kukana, ndipo anthu amamuzindikira msanga.

Pali zinthu ziwiri zimene manijala wodziwa ntchito amachita foni ili patebulo, ndipo n'kofunika kuti osewera azidziwe kuti nkhani isangothera pa kukhulupirirana. Choyamba n'kutsimikiza kuti foni yabwerayo ndi yomwe idagulitsidwa. Foni iliyonse ili ndi nambala yake ya manambala 15, yotchedwa IMEI, imene imaoneka mukaimba izi:

```
*#06#
```

Nambala imeneyi iyenera kufanana ndi imene idalembedwa pa lisiti kapena m'buku la shopu. N'chifukwa chake wogula aliyense ndi bwino aumirire kuti IMEI ilembedwe pa lisiti tsiku logula. Chachiwiri n'kuona ngati idalowa madzi. Mafoni ambiri ali ndi kachizindikiro koyera, kawirikawiri m'kati mwa polowetsa simu khadi, kamene kamafiira kakakhudzidwa ndi madzi. M'sewero, mphunzitsi amangolemba pa kakhadi kuti nambala ikufanana ndipo kachizindikiro n'koyera, n'kupereka kakhadiko kwa manijala yekhayo amene wakumbukira kufunsa. Amene sadafunse amadzazindikira pambuyo pake kuti adathera nthawi kukangana pa chinthu chimene chikanatsimikizika m'mphindi imodzi.

Tsopano nkhani ya zinsinsi, imene kwa ine ndi yolemera kuposa masamu. Pepala lililonse lili ndi chinsinsi chamitundu iwiri. Pali chimene munthu ali ndi ufulu wosunga: mayi sakakamizidwa kunena kuti angawonjezere mpaka K20,000, ndipo manijala sakakamizidwa kunena mtengo umene adapikulira. Kusunga zimenezi ndi malonda wamba. Koma pali china chimene chimayesa khalidwe. Kwa mayi ndi kugwa kwa foni. Kwa manijala ndi mafoni atatu aja. Lamulo limene mphunzitsi amapereka asadayambe n'lakuti mukhoza kusankha zimene munene ndi nthawi yozinenera, koma simuloledwa kunama, ndipo simuloledwa kupeka zimene sizili pa pepala lanu.

Wosewera ngati mayi akafunsidwa kuti kodi idagwapo, amakonda kukana. Atakana, manijala amaloza pokalika, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chimene mayi anene chimakayikitsa, ngakhale choona chija chakuti foni idayamba kuvuta tsiku lachinayi. Amene amavomera amakhala pabwino kwambiri. Amati inde idagwa pa tsiku la 12, koma nawu uthenga umene ndidatumizira mng'ono wanga tsiku lachinayi, komanso mnyamata wanu adandiona tsiku lachisanu ndi chimodzi isadagwe. Wolemba sewero amaika umboni umenewu dala, kuti kunena zoona kukhale ndi potulukira.

Chinsinsi cha manijala ndi chachikulu kuposa cha mayi, ndipo sindikuganiza kuti mphunzitsi azichita ngati n'zofanana. Manijala amene akudziwa kuti katoni yonse ili ndi vuto, koma n'kumaloza kukalika kwa pakona ngati ndiye gwero, sadaname ndi mawu koma wanamiza munthu. Amene wapereka foni yachisanu ya m'katoni yomweyo wachita choposa pamenepo, chifukwa batire yotentha ikhoza kufufuma kapena kuyaka, ndipo foniyo ikagona pafupi ndi mutu wa munthu m'nyumba ya ana. Pa bolodi, manijala ameneyu amaoneka ngati wapambana chifukwa phindu lake ndi K45,000, lalikulu kuposa la anzake onse. Mphunzitsi amene angowerenga manambala n'kumuombera m'manja waphunzitsa kalasi yonse chinthu choipa. Ayenera kufunsa amene amasewera ngati mayi, atawerenga pepala la manijala, ngati angadzagulenso m'shopu imeneyo, ndi chimene angakauze anzake kubanki m'khonde.

Palinso mawu aja a pa lisiti. Ku Malawi kuno kuli lamulo loteteza ogula la mu 2003, komanso lamulo loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limene lidakhazikitsidwa mu 1998 ndipo lidalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024. Bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission, limene limalandira madandaulo a ogula, lakhala likuchenjeza amalonda kuti kulemba kuti katundu akagulidwa sabwezedwa sikuchotsa udindo wa wogulitsa pa katundu wowonongeka, ndipo kudzichotsera udindo motero n'kulakwira lamulo. Mawuwa amaikidwa pa pepala la onse ngati msampha. Manijala amene wabisala kumbuyo kwake waponda pamene lamulo silimulola, ndipo kasitomala amene wawawerenga n'kugwa mphwayi wataya ufulu umene adali nawo. Seweroli lisaphunzitse anthu kuti ufulu wa wogula ndi chinthu chonenerera ngati mtengo wa tomato. Mayi akasankha kudikira ndalama zake zonse mpaka Lolemba, sadalephere. Chimene akukambirana ndi njira yachangu ndi yomukomera yopezera chimene chili chake kale.

Kayendetsedwe kake kamafuna pafupifupi ola limodzi, ndipo sewero lenilenilo limatenga gawo laling'ono chabe la olalo. Mukawerenga pepala la onse, agaweni anthu pawiri. Makasitomala onse apite mbali imodzi, mamanijala mbali ina, kutali koti asamvane, ndipo kwa mphindi 10 gulu lililonse likonzekere pamodzi. Afunseni mafunso atatu: mukufunadi chiyani, mungachite chiyani mukalephera kugwirizana, nanga n'chiyani chimene simukuchidziwa cha mnzanuyo chimene muyenera kufunsa. Funso lachitatuli anthu amalidumpha, ndiye mphunzitsi aumirire kuti aliyense alowe ndi mafunso awiri okonzeka. Ngati ena kuwerenga kumawavuta, auzeni pakamwa gulu lililonse palokha, ndipo manambala ofunikawo muwalembe pa kakhadi kakang'ono. Kenaka aphatikizeni awiriawiri, magulu onse azisewera nthawi imodzi. Anthu akatsala, akhale oonerera achete, mmodzi pa gulu lililonse, ntchito yawo ikhale kulemba mafunso amene afunsidwa ndi nthawi imene mawu akuti Lachisanu adatuluka koyamba. Mphindi 15 zikatha, gulu lililonse lilembe mgwirizano wake m'chiganizo chimodzi chimene onse awiri avomereza. Apa mpamene ena amazindikira kuti ankaganiza kuti agwirizana pamene aliyense adamva zake, wina akuti tchaja yatsopano ili momwemo, wina akuti ayi.

Nthawi yotsala, yosachepera mphindi 25, ndi ya kukambirana, ndipo dongosolo lake n'lofunika. Yambani n'kulemba zotsatira za magulu onse pa bolodi mapepala akadali obisika. Nkhani idali imodzi, koma apa pali wowonjezera K20,000, apo wosawonjezera kanthu, ena atumiza kukakonzetsa, ena asiyana atakwiyirana. Anthu akaona kusiyanaku amayamba okha kufunsana kuti zidatheka bwanji. Pambuyo pake mpamene amasinthana mapepala. Mukayamba ndi kusinthana, aliyense amathamangira kudziikira kumbuyo ndipo sakumbukiranso bwino zimene ankaganiza mkati mwa sewero. Funso lothandiza kwambiri pa nthawiyi n'lakuti, ndi mzere uti wa pa pepala la mnzanu umene mukanaudziwa mukanachita mosiyana, ndipo ndi funso lotani limene likanautulutsa.

Seweroli limawonongeka m'njira zodziwika, ndipo zambiri zimachokera kwa wolemba mapepala. Pepala likati ndinu wokwiya kwambiri ndipo musalole chilichonse, mwalamula munthu kuti akalalate, ndipo adzalalatadi kwa mphindi 15. Lembani zimene zamuchitikira, ukali adzaupeza yekha pa mlingo woyenera. Pepala likakhala lalitali masamba awiri, osewera amangoweramira pansi kufunafuna manambala m'malo moyang'anana, ndipo ena amayamba kuliwerenga mokweza. Mukaona maso ali pa pepala nthawi yaitali, dziwani kuti mwalemba zambiri. Vuto lina ndi la kuika awiri patsogolo pa kalasi yonse. Anthu athu amakonda sewero, ndipo pakakhala oonerera kasitomala amayamba kumanga chitenje m'chiuno ndi kuitana anthu odutsa, kalasi n'kumafa ndi kuseka, funso osafunsidwa ngakhale limodzi. Palinso opeka, amene akapanikizika amati mchimwene wanga ndi wapolisi, kapena kuti mwini shopu wangondiimbira kumene. Zimenezi zimagumula masamu onse, n'chifukwa chake lamulo loletsa kupeka linenedwe poyera asadayambe.

Chimodzi chimene mabuku akunja sachitchula kwenikweni koma kwathu kuno n'chachikulu ndi ulemu. Mtsikana amene wayamba ntchito mwezi watha sangaumirize bwana wake weniweni kuti abweze ndalama, ngakhale m'sewero. Adzati chabwino bwana pa mphindi yachitatu, n'kutenga chilichonse chimene wapatsidwa. Mukaona gulu lamaliza mofulumira chonchi, kawirikawiri si kuti amvana, koma wina wagonja chifukwa cha msinkhu kapena udindo. Phatikizani anthu ofanana, ndipo ngati bwana akufuna kusewera nawo, akhale kasitomala, ndipo manijala wake akhale wamkulu mnzake. Mamanijala enieni amapindula kwambiri akakhala mbali ya mayi, chifukwa ambiri sadawerengepo kuti masiku 21 amatanthauza chiyani kwa munthu amene foni ndiye shopu yake. Sewero likatha, nenani momveka kuti latha ndipo aliyense wabwerera ku dzina lake, agwirane chanza. Mawu olankhulidwa m'sewero amatha kupweteka zenizeni, makamaka kwa anthu amene mawa akhala pakauntala imodzi.

Malire ake nawonso anenedwe. Ndalama za m'sewero si za munthu, choncho anthu amalolera msanga kuposa mmene angachitire ngongole ya kubanki m'khonde ili pakhosi. Ndiponso mpata wabwino uja udaikidwa ndi wolemba, pamene m'shopu yeniyeni nthawi zina sukhalapo. Chifukwa cha ichi, gulu likasewera bwino ulendo woyamba, ndi bwino kulibwereza tsiku lina mutasintha mizere iwiri yokha. Pa pepala la manijala, foni yabwinopo ija ikhale kuti idapikulidwa pa K305,000 ndipo imagulitsidwa K350,000, ndipo mwini shopu adaletsa kugulitsa chinthu pansi pa mtengo wopikulira. Mayi akadali ndi K20,000 yake yokha yowonjezera, ndiye kuti afika pa K300,000, ndipo kusintha sikuthekanso. Pa pepala lomwelo muwonjezere kuti m'kabati muli foni yakale yogwira ntchito imene shopu imabwereka antchito. Tsopano mgwirizano wabwino ndi wina: mayi abwereke foni yakaleyo mpaka Lolemba, manijala alembe pa lisiti ndi kusayina kuti foni yowonongeka yalandiridwa lero, IMEI yake ndi iyi, ndipo K280,000 idzabwezedwa Lolemba mwini shopu akafika. Osewera amene ulendo woyamba adangoloweza kuti yankho ndi kusintha foni adzakakamira pamenepo mpaka nthawi kutha, pamene amene adaphunzira kufunsa adzafika ku foni ya m'kabati ija mkati mwa mphindi zochepa.